Kulemba yankho lachitsanzo lomwe mungadzichonge nalo nokha

Pa pepala la mayeso pamakhala manambala ang'onoang'ono amene ophunzira ambiri sawayang'ana n'komwe. Amakhala cham'mphepete mwa funso lililonse: apa 0,5, apo 1,0, pena 1,5 kapena 2,0. Kuno ku Mozambiki, kumene mayeso amachongedwa pa mavalori 20 ndipo kukhoza kumayambira pa 10, manambala amenewa timawatchula kuti kotasau. Sanaikidwepo pongokometsera pepala. Mphunzitsi asanagawe mayeso amakhala atalemba kale pepala lina, lija timati giya yochongera, ndipo m'menemo funso la 1,5 kawirikawiri limakhala litadulidwa patatu: theka la valori pa mfundo iyi, theka pa iyo, theka pa yachitatu. Akakhala pansi ndi bolopeni yofiira ndi mulu wa mapepala a kalasi yonse, sawerenga yankho lanu pofuna kumva kukoma kwake. Maso ake amasaka mfundo zitatuzo. Akaipeza imodzi amachonga, akaisowa amadutsa.

Wophunzira amene wamvetsa zimenezi amasintha kawerengedwe kake. Amasiya kukopera ndime zathunthu za m'buku n'kumazibwereza mpaka tulo. Amayamba kudzipangira nkhokwe ya mafunso, ndipo funso lililonse limakhala ndi yankho lalifupi lodulidwa mfundo ndi mfundo, iliyonse ndi mtengo wake, monga momwe giya ya mphunzitsi imakhalira. Ntchito yake ndi yakuti mawa kapena sabata yamawa, mukadziyesa, mukhale ndi chokuuzani mosabisa kuti mwapeza 1,5 kapena 0,5, osati kungomva mumtima kuti "izi ndikuzidziwa".

Nditenga funso limodzi la Jogalafe n'kulitsata mpaka kumapeto, chifukwa njira imeneyi imaoneka bwino ikagwira chinthu chenicheni. Funso lake ndi ili: Fotokozani chifukwa chake ku Ulongwe kumazizira kuposa mumzinda wa Tete. Mtengo wake ndi 1,5.

Ndasankha dala funso lomwe aliyense wa ku Angoniya amaona ngati akulidziwa. Amene anakwerapo shapa ku Ulongwe m'mawa wa mwezi wa Juni atavala juzi, n'kukaivula asanafike n'komwe ku Mowatize, sangakane kuti kusiyanako kulipo. Komatu kudziwa kuti chinthu chimachitika si kudziwa kuchifotokoza, ndipo mafunso otere ndi amene amagwetsa anthu ambiri, chifukwa munthu amalemba modzidalira. Ndinaonapo pepala la mtsikana wina wanzeru zake, atalemba mizere isanu ndi umodzi ya Chipwitikizi chosalala: kuti ku Angoniya kuli mapiri, kumagwa mvula yambiri, kumalimidwa mbatatesi ndi chimanga, pomwe ku Tete kuli malambe ndi mbuzi, dzuwa limaswa mtengo. Palibe bodza ngakhale limodzi m'menemo. M'mphepete munali 0,5 yekha, pafupi ndi mawu akuti mapiri. Iye anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ndalakwa pati?" Sanalakwe paliponse. Anangolemba mmene malo awiriwa amaonekera, koma funso linkafuna chimene chimachititsa.

Mawu oyamba a funso ndi nambala ya m'mphepete

Musanatsegule buku, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba ndi mneni amene wayambitsa funso. Mapepala athu amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo mawu olamulawo ndi ochepa, amangobwerabwera. Likayamba ndi "Indique" kapena "Mencione", akufuna kuti mungotchula, ndipo mawu amodzi kapena awiri pa mfundo iliyonse ndi okwanira. Likayamba ndi "Explique", akufuna njira yomwe chinthu chimachitikira, kuchokera pa chochititsa kukafika pa chotsatira. Likati "Justifique", nthawi zambiri mumakhala mutasankha kale yankho pa funso lapamwamba, ndipo tsopano akufuna chifukwa chake. Funso lathu ndi la mtundu wachiwiri. Likanakhala lakuti tchulani chimene chimachititsa kusiyanaku, yankho likanakhala mawu amodzi, kukwera kwa malo, basi, ndipo mtengo wake ukanakhala 0,5.

Chachiwiri ndi nambala ija. 1,5 imandiuza kuti ndiyembekezere mfundo zitatu za theka lililonse. Si lamulo losasweka ayi. Aphunzitsi ena amadula 1,5 kukhala 1,0 ndi 0,5. Koma pokonzekera ndi bwino kuganizira kadulidwe kopereka mfundo zambiri, chifukwa mukakonzekera zitatu n'kupeza kuti ankafuna ziwiri simutaya kanthu.

Nambalayo imanenanso za nthawi. Mayeso a mphindi 90 okhala ndi mavalori 20 amapereka mphindi zinayi ndi theka pa valori imodzi. Ndiye funso la 1,5 lili ndi mphindi zosakwana zisanu ndi ziwiri, kuwerenga, kuganiza ndi kulemba komwe. Yankho lachitsanzo lomwe simungathe kulilemba ndi dzanja m'mphindi zimenezo ndi lalitali mopitirira, ngakhale likhale lolondola motani.

Kufukula mfundo zitatu

Tsopano tsegulani buku ndi kope la m'kalasi, muwerenge pamene akamba za zinthu zosintha nyengo. Musalembe yankho nthawi yomweyo. Dzifunseni kuti: munthu wosadziwa chilichonse ndingamutenge masitepe angati kuchokera pa "Ulongwe" kukafika pa "kumazizira"?

Sitepe yoyamba ndi kutchula chochititsa n'kuchimangirira ku malo awiri omwe afunsa. Chochititsa ndi kukwera kwa malo, alititudi. Ulongwe ali pa chitunda cha Angoniya, mamita opitirira 1000 kuchokera pa mulingo wa nyanja, pomwe mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200. Onani kuti mfundoyi ili ndi mbali zonse ziwiri. Kulemba kuti "Ulongwe ndi wokwera" n'kusiya pomwepo ndi kusiya wochonga akudikira, chifukwa funso layerekeza malo awiri.

Sitepe yachiwiri ndi lamulo lolumikiza kukwera ndi kutentha: munthu akamakwera, kutentha kumatsika, pafupifupi 0,6°C pa mamita 100 aliwonse. Mabuku ena amalemba 6,5°C pa mamita 1000. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi, kungoti ena afupikitsa nambala.

Sitepe yachitatu ndi imene ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene imapangitsa yankho kukhala kufotokoza osati kungotchula. N'chifukwa chiyani kutentha kumatsika tikamakwera? Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya osautenthetsa kwenikweni. Kumatenthetsa nthaka, kenako nthaka ndi imene imatenthetsa mpweya. Pamalo okwera mpweya ndi wopyapyala, sunapanikizike ngati wa m'chigwa, ndipo susunga bwino kutentha kochokera pansi. Mpweya ukamakwera umafufuma chifukwa chowupanikiza chachepa, ndipo ukafufuma umazizira.

Mfundo zitatuzi zili ngati tcheni cha njinga. Mphete imodzi ikaduka, mapedalo amazungulira koma tayala silisuntha. Wolemba yoyamba ndi yachitatu n'kusiya yachiwiri wanena kuti malowo ndi okwera ndiponso kuti mpweya ndi wopyapyala, koma sananene poyera kuti kutentha kumatsika. Iye amaona ngati n'zodziwikiratu. Wochonga sapereka malikisi pa zimene zatsala m'mutu mwa wolemba.

Pali njira yoyesera ngati chomwe mwalemba ndi mfundo yeniyeni. Mfundo iyenera kukhala chiganizo chomwe munthu wina angayang'ane pa pepala lanu n'kuyankha kuti "chilipo" kapena "palibe", popanda kukangana. "Akusonyeza kumvetsa za nyengo" si mfundo, chifukwa tsiku lomwe mwatopa mudzadzipatsa malikisi ake mwaulere. "Wanena kuti kutentha kumatsika malo akamakwera" ndi mfundo. Komanso mfundo imodzi isanyamule zinthu ziwiri zomwe zingathe kusiyana. Mukaona kuti podzichonga mukumati "theka lake ndalemba, theka lina ndaiwala, ndidzipatse zingati?", dziwani kuti mwamanga mfundo ziwiri pamodzi, ziduleni.

Khadi lenilenilo

Pepala limodzi la A4 likadulidwa panayi limatulutsa makhadi anayi okwanira bwino. Kutsogolo kumalembedwa funso lokha ndi mtengo wake, pamwamba pake phunziro ndi mutu. Osalembako kanthu kena kokukumbutsani yankho. Kumbuyo kumakhala motere. Pano ndalemba m'Chichewa kuti tonse titsatane, koma pa khadi lanu zilembedwe m'Chipwitikizi, chinenero chomwe mudzayankhire.

Mfundo 1 (0,5): chochititsa ndi alititudi, Ulongwe ali pamalo okwera, Tete ali m'chigwa chotsika.
Mfundo 2 (0,5): kutentha kumatsika malo akamakwera, pafupifupi 0,6°C pa mamita 100.
Mfundo 3 (0,5): pamwamba mpweya ndi wopyapyala, susunga kutentha kochokera pansi.

Pansi pa mfundozo pabwere yankho lolumikizidwa, monga momwe mungalilembere m'mayeso: "Ku Ulongwe kumazizira kuposa ku Tete chifukwa cha alititudi: Ulongwe ali pa chitunda cha mamita opitirira 1000 pomwe Tete ali m'chigwa cha Zambezi. Kutentha kumatsika ndi pafupifupi 0,6°C pa mamita 100 aliwonse okwera, chifukwa pamwamba mpweya ndi wopyapyala ndipo susunga kutentha kochokera pansi." Ziganizo ziwiri zokha, mfundo zonse zitatu zilimo. Dulani mzere kunsi kwa mawu atatu kapena anayi amene akunyamula malikisi, kuti maso anu azolowere kusaka monga amasakira wochonga.

Ena amafunsa kuti bwanji kulemba kawiri, mfundo payekha ndi yankho payekha. Ntchito zake n'zosiyana. Mfundo ndi zochongera. Yankho lolumikizidwa ndi lophunzitsa dzanja kuika "chifukwa", "choncho" ndi "pomwe" pamalo pake. Kwa ife amene timaganiza m'Chichewa n'kumalemba m'Chipwitikizi, timawu tolumikiza timeneti ndi timene timathawa mantha a mayeso akafika, ndipo tikathawa yankho limasanduka mndandanda wa zinthu zosagwirizana. Ine ndimalimbikitsa kuti mfundo iliyonse muyambe mwainena pakamwa m'Chichewa, ngati mukufotokozera mng'ono wanu. Ikakana kutuluka m'Chichewa ndiye kuti simunaimvetse, mwangoloweza kamvekedwe ka mawu a m'buku. Ikatuluka bwino, ilembeni m'Chipwitikizi, koma mawu a phunzirolo atengedwe m'buku chilembo ndi chilembo.

Khadi silinathe. Pamatsala mizere iwiri yomwe, kwa ine, ndi yofunika kuposa zonse zapamwambazo: zololedwa ndi zokanidwa.

Zololedwa ndi njira zina zonenera mfundo yomweyo. Pa mfundo yachiwiri, 6,5°C pa mamita 1000 ndi yololedwa. Pa yachitatu, kunena kuti mpweya wokwera umafufuma n'kuzizira ndi kololedwa. Mzere umenewu umakutetezani ku kuloweza ngati pemphero, chifukwa umakuonetsani kuti malikisi ali pa ganizo, osati pa kasanjidwe ka mawu.

Zokanidwa ndi mayankho ooneka ngati olondola koma osapatsa kanthu. Pa funso lathu alipo atatu amene amabwera chaka ndi chaka. Loyamba ndi kubwereza funso m'mawu ena: "chifukwa ku Angoniya nyengo yake ndi yozizira". Apa simunayankhe, mwangolitembenuza. Lachiwiri ndi kutchula zotsatira m'malo mwa chochititsa, monga mbatatesi ndi malambe aja. Mbatatesi zimachita bwino ku Angoniya ndi ku Tsangano chifukwa kumazizira. Sikuzizira chifukwa cha mbatatesi. Lachitatu ndi loopsa kwambiri, kulemba latitudi m'malo mwa alititudi. Mawu awiriwa m'Chipwitikizi ali ndi zilembo zofanana, zoyamba ziwiri zokha ndi zimene zasinthana malo, ndipo dzanja lothamanga limalemba lina m'malo mwa linzake. Koma tanthauzo lake ndi lina kotheratu. Latitudi ndi kutalikira kwa malo kuchokera ku ikweta. Mukayang'ana pa mapu mupeza kuti Ulongwe ali kumpoto kwa Tete, ndiye kuti ali pafupi ndi ikweta kuposa Tete. Tikanatsata latitudi yokha, ku Ulongwe ndi kumene kukanatenthako pang'ono. Wolemba latitudi sanangolakwitsa kalembedwe. Wapereka chifukwa chotsutsana ndi funso, ndipo wochonga sangamumvere chisoni. Wophunzira amene walemba chifukwa chimenechi pa khadi lake, kuti "latitudi ayi, Ulongwe ali kufupi ndi ikweta", sabwereranso ku cholakwacho, chifukwa tsopano akudziwa chimene chikusiyanitsa mawu awiriwa, sakudalira diso lokha.

Zokanidwa zabwino koposa sizichokera m'mutu. Zimachokera pa mapepala anu omwe abwezedwa. Mayeso a pakati pa teremu akabwera ali ofiira, ambiri amangoyang'ana nambala yapamwamba, n'kupinda pepala, mwina n'kulikulungira mandasi. Pepala limenelo ndi giya ya mphunzitsi wanu yomwe yabwera yokha m'manja mwanu. Paliponse pamene munalemba kanthu koma sanachonge, ndi chokanidwa, chilowe pa khadi. Paliponse pamene mnzanu wapeza malikisi onse pa funso lomwe inu mwapeza theka, mubwerekeni pepala muyerekeze, mupeze chiganizo chomwe iye ali nacho inu mulibe. Ndipo tsiku lomwe mphunzitsi akulemba mayankho pa bolodi pokonza mayeso, musangokopera mawu okha, mufunseni mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, 1,5 ameneyu munamugawa bwanji?" Aphunzitsi ambiri amayankha mosavuta, ndipo yankho lawo ndi loposa kuyerekeza kwanu kulikonse.

Apa ndi pamene pali malire a njira yonseyi, ndipo ndiyenera kuwanena poyera. Giya yomwe wophunzira wadzilembera ndi kuyerekeza chabe. Akhoza kuika mfundo yolakwika n'kumadzichonga nayo kwa miyezi itatu, akulimbikitsa cholakwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake khadi lililonse lizikhala ndi kachizindikiro pakona kosonyeza komwe mfundo zake zachokera: tsamba la buku, kapena pepala lochongedwa, kapena pakamwa pa mphunzitsi. Khadi lopanda gwero lilembedwe ndi pensulo ndipo lisalowe mu mulu mpaka litatsimikizidwa. Buku ndi kope zikasemphana, musasankhe nokha, kafunseni.

Funso lomwelo likabwera ndi manambala

Mutu umodzi umabala makhadi angapo, ndipo la masamu limadulidwa mosiyana pang'ono. Tinene kuti funso likuti: mumzinda wa Tete kwatentha 34°C, pezani kutentha koyembekezeka pamalo omwe ali mamita 1100 pamwamba pa Tete. Mtengo wake ukhalenso 1,5.

Apa malikisi amatsata masitepe a ntchito. Theka loyamba ndi la kulemba lamulo, 0,6°C pa mamita 100. Lachiwiri ndi la kupeza kutsika konse: 1100 ÷ 100 × 0,6 = 6,6°C. Lachitatu ndi la yankho lomaliza lili ndi muyeso wake: 34 − 6,6 = 27,4°C. Zokanidwa zake n'zodziwika. Ena amaima pa 6,6 n'kuyesa kuti amaliza, pomwe 6,6 ndi kusiyana chabe, si kutentha kwa malowo. Ena amaphatikiza m'malo mochotsera n'kupeza 40,6°C, osadabwa n'komwe kuti pamwamba patentha bwanji kuposa m'chigwa. Ena amalemba 27,4 wopanda °C. Pa zololedwa lembani kuti wogwiritsa ntchito 0,65 apeza kutsika kwa 7,15°C ndi yankho la 26,85°C, koma izi sizololedwa ngati funso lenilenilo lapereka nambala yoti igwiritsidwe ntchito.

Phindu la kudula motere ndi lakuti mumaona ndi maso kuti yankho lomaliza limanyamula gawo limodzi lokha mwa atatu. Wophunzira amene amachita masamu m'mutu n'kulemba 27,4°C yekha amaika malikisi onse pa nambala imodzi. Ikaphonya pang'ono, wataya zonse. Amene walemba lamulo ndi ntchito yake, ngakhale atasokoneza pochotsera, amatuluka ndi 1,0. M'Fizikisi ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti muyambe ndi zomwe mwapatsidwa, kenako fomula, kenako kuwerengera.

Kudzichonga

Khadi lomwe limangowerengedwa silisiyana ndi buku. Kagwiritsidwe kake ndi kakuti muwerenge funso, musiye khadi patebulo kumbuyo kwake kusakuoneka, mutenge pepala lina, mulembe yankho ndi dzanja, mukuyang'ana nthawi. Kuyankha mumtima sikuwerengedwa. Mumtima yankho lililonse limaoneka lathunthu, ndipo mukatembenuza khadi n'kuona mfundo yachitatu mumati "eya, imeneyi ndimaidziwa", pomwe simukanailemba. Kuzindikira chinthu chikaikidwa pamaso panu ndi kosavuta. Kuchitulutsa pa pepala loyera ndi ntchito ina, ndipo mayeso amafuna yachiwiriyo.

Mukalemba, tembenuzani khadi, mutenge bolopeni ya mtundu wina. Pa mfundo iliyonse, lozani ndi chala mawu enieni pa pepala lanu amene akunena mfundoyo. Chala chikasowa poima, palibe malikisi. Lembani zomwe mwapeza ndi tsiku lake pakona pa khadi ndi pensulo, ndipo musangolemba chiwerengero chokha, lembaninso nambala ya mfundo yomwe yasowa. Patapita masabata angapo pakonapo pakhoza kuoneka motere: 0,5 (2, 3), kenako 1,0 (3), kenako 1,0 (3) kachiwiri. Pamenepo khadi lakuuzani chinthu chomwe chiwerengero chokha sichikananena: vuto si funso lonse, ndi mfundo yachitatu. Kubwereza khadi lomwelo kachisanu sikuthandiza. Bwererani ku buku, kapena kwa mphunzitsi, mumvetse chifukwa chake mpweya wa pamwamba susunga kutentha, kenako mfundoyo muipangire khadi lakelake la 0,5 kapena 1,0.

Makhadi agaweni milu itatu, uliwonse womangidwa ndi kamphira. Mulu woyamba ndi wa omwe simunapeze malikisi onse, ndipo amenewa mumabwerera nawo mawa lake. Wachiwiri ndi wa omwe mwakhoza kamodzi, adikire masiku atatu kapena anayi. Wachitatu ndi wa omwe mwakhoza kawiri motsatizana, aziyesedwa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Khadi la mulu wachitatu likaphonya ngakhale mfundo imodzi limabwerera ku woyamba. Masiku amenewa si malamulo a m'buku, mukhoza kuwasintha malinga ndi nthawi yanu ya kumunda ndi ya pakhomo. Chofunika n'chakuti pakati pa kuyesa ndi kuyesanso padutse nthawi yokwanira kuti muyambe kuiwala, chifukwa kukumbuka movutikira ndi kumene kumakhazikitsa chinthu m'mutu. Makhadi asanu kapena asanu ndi limodzi madzulo amodzi, olembedwa ndi kuchongedwa bwino, amatenga pafupifupi theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Ngati muli ndi mnzanu wodalirika, sinthanani mapepala: iye achonge lanu pogwiritsa ntchito khadi lanu. Izi zimayesa inu komanso khadi lenilenilo. Mnzanuyo akafunsa kuti "apa ndipereke kapena ndisapereke?", ndiye kuti mfundoyo sinalembedwe momveka, ikonzedwe.

Pali matenda amodzi omwe amagwira nkhokwe ikakalamba. Wophunzira amapeza malikisi onse pa makhadi ake, koma m'kalasi amagwa pa mutu womwewo. Chizindikiro chake ndi chakuti amayamba kulemba yankho asanamalize kuwerenga funso; waona mawu akuti Ulongwe, dzanja layamba lokha. Waloweza khadi, sanaphunzire mutu. Mankhwala ake ndi kusintha kutsogolo kwa khadi n'kusiya kumbuyo kuli chimodzimodzi. Ikani Tsangano ndi Mutarara m'malo mwa Ulongwe ndi Tete. Litembenuzeni funso: n'chifukwa chiyani ku Tete kumatentha kuposa ku Ulongwe? Tsopano ziganizo zonse ziyenera kuyang'ana mbali ina, mpweya wa m'chigwa ndi wopanikizika, umasunga kutentha. Sinthani mneni, "Explique" akhale "Indique", muone ngati mutha kudziletsa n'kulemba mawu amodzi okha.

Kenako yesani malo omwe mfundo zitatu zija sizikwanira. Lichinga ndi Pemba ali pa latitudi yofanana pafupifupi, ndipo Lichinga ndi wozizira chifukwa ali pa chitunda cha ku Nyasa, monga Ulongwe. Koma Pemba ali m'mphepete mwa nyanja ya Indiya, ndiye funso lofunsa kusiyana kwa nyengo ya malo awiriwa likhoza kufuna mfundo yachinayi, yakuti nyanja imachepetsa kusintha kwa kutentha pakati pa usana ndi usiku ndiponso pakati pa chilimwe ndi chisanu. Khadi limenelo likhale la 2,0. Wophunzira amene wafika pozindikira yekha kuti apa mfundo zawonjezeka ndiye kuti wayamba kuganiza monga wolemba mayeso.

A kalasi 12 amanena kuti zonsezi sizikuwakhudza, chifukwa mayeso awo ambiri a boma ndi osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D. Koma wolemba funso lotero amatenga yankho lolondola limodzi n'kuliika pakati pa atatu olakwika, ndipo atatuwo sawatola mwachisawawa. Pa funso la Ulongwe, limodzi lidzakhala latitudi, lina kuyandikira nyanja, lina zomera. Amenewa ndi mzere wa zokanidwa uja, atauika pamaso panu kuti musankhe. Amene anazolowera kulemba pa khadi chifukwa chake latitudi siyankho amafufuta chilembo chimenecho m'masekondi ochepa, n'kutsala ndi nthawi ya mafunso a masamu omwe ali kumapeto kwa pepala.